Apongozi ankafuna kumwetsa khanda langa madzi

Malangizo ambiri amene apongozi anga anandipatsa nditachira ndinawalandira ndi manja awiri. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kusambitsa mwana osamumwetsa madzi a m'beseni, kumugeyetsa akayamwa, ndiponso kugonako pamene iye wagona m'malo mothamangira kukachapa. Malangizo ena ndinkangoti "chabwino, Amayi" n'kuwasiya adutse, poti sankapweteka munthu. Koma panali nkhani imodzi imene sindikanatha kuisiya, ndiyo ya madzi akumwa. Kusikelo anatiuza kuti mwana aziyamwa bere lokha mpaka miyezi 6, osamupatsa ngakhale dontho la madzi. Apongozi ankaona kuti kutero ndi nkhanza.

Zinayamba mwana ali ndi masabata 6, m'nyengo yotentha. Dzuwa likapendeka ankayamba kulira, osatonthola mpaka usiku. Ndikamupatsa bere ankayamwa pang'ono, n'kulavula, n'kulifunanso. Tsiku lina ndinapeza kapu ya madzi owiritsa ataifundikira ndi mbale, supuni yaing'ono ili pambali.

"Mwana wanga, mwanayu ali ndi ludzu," anatero. "Iwe wekha wamwa makapu angati lero? Nanga iyeyu si munthu?"

Yankho limene linali pafupi ndi lakuti achipatala analetsa. Makolo ambiri amayankha limeneli, koma ine ndinaona kuti siligwira ntchito. Mukanena zimenezo kwa mayi amene analera ana mpaka kukula, iye amamva kuti mukumuuza kuti sadziwa kanthu, ndipo amakuyankhani poloza mwamuna wanu: "Uyu ndinamumwetsa madzi, wafa?" Pamenepo nkhani yachoka pa mwana, yafika pa ulemu, ndipo pa ulemu mpongozi wamng'ono sapambana. Choopsa kwambiri n'chakuti agogo amasiya kukangana nanu, n'kumachita zimene akuziona kuti n'zabwino inu mukatuluka.

Choncho ndisanawayankhe ndinafuna kudziwa ndekha chifukwa chake madzi amaletsedwa, kuti ndisamangobwereza mawu a anamwino. Zifukwa zake si zovuta. Mkaka wa m'mawere wokha uli ndi madzi ambiri, oposa magawo 80 pa magawo 100 alionse, ndipo umene umayamba kutuluka mwana akangogwira bere ndi wamadzimadzi kwambiri. Wamafuta, wokhutitsa, umachuluka bere likamapepuka. N'chifukwa chake kukatentha mwana amayamwa pafupipafupi koma mwachidule. Apongozi sankalakwitsa ponena kuti mwana ali ndi ludzu. Ludzulo ankalithetsa yekha pa bere.

Chachiwiri ndi mimba. Mimba ya khanda ndi yaing'ono, ndipo madzi akalowamo amatenga malo a mkaka pamene iwo alibe chakudya chilichonse. Mwana amamva ngati wakhuta, amayamwa pang'ono, ndipo bere limene silikuyamwidwa mokwanira limachepetsa mkaka. Pakapita masabata angapo mayi amayamba kudandaula kuti mkaka wake ndi wochepa, achibale n'kunena kuti "tinanena ife, muyambitseni phala." Vuto limene linayamba ndi masupuni a madzi limaoneka ngati umboni wakuti bere silikwanira.

Chachitatu ndi tizilombo. Madzi akhoza kukhala owiritsa bwino, koma supuni, kapu ndi manja zimene adutsamo sizinawiritsidwe, ndipo kutsegula m'mimba kumafooketsa khanda msanga kuposa munthu wamkulu. Palinso ngozi ina imene anthu ambiri saidziwa. Impso za khanda sizinakhwime, sizitha kutulutsa madzi ochuluka mwamsanga. Mwana akamwetsedwa madzi ambiri mchere wa m'magazi mwake umatsika, ndipo akhoza kukomoka. Zimenezi sizichitika ndi supuni imodzi, koma munthu amene wazolowera kutonthoza mwana ndi madzi sakhalira pa supuni imodzi.

Zonsezi ndinazidziwa, komabe sindinapite nazo kwa apongozi ngati phunziro. Ndinayamba ndi funso, tsiku lina m'mawa mwana ali m'tulo, tili awiriwiri. Ndinawafunsa kuti akamuyang'ana mwanayu amaopa chiyani kwenikweni. Anakhala chete kanthawi, kenako anandiuza nkhani imene mwamuna wanga ankangoidziwa pamwamba. Mwana wawo wachiwiri anamwalira ali wakhanda. Anatsegula m'mimba, liwombo linalowa, maso analowa, pakamwa panauma, ndipo anafika naye kuchipatala mochedwa. "Anauma ndili kumuona," anatero. Kuyambira pamenepo mwana aliyense wolira pakatentha ankamuona ngati akuuma.

Ndikanatha kuwauza kuti kutsegula m'mimba kotere nthawi zambiri kumayamba ndi zinthu zimene khanda lamwetsedwa. Sindinanene, ndipo sindidzanena. Palibe akudziwa chimene chinadwalitsa mwana uja, ndiponso mayi woferedwa sumusenzetsa mlandu pofuna kupambana mkangano. Chimene ndinatolapo n'chakuti iwo ndi ine tinkaopa chinthu chimodzi. Ntchito inali yowaonetsa, ndi maso awo, kuti mdzukulu wawo sakuuma.

Apa m'pamene matewera anandithandiza. Khanda limene likupeza mkaka wokwanira limanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa usana ndi usiku, ndipo mkodzo wake umakhala woyera kapena wachikasu pang'ono, wosanunkha kwambiri. Ndinawapempha kuti akhale iwo owerenga. "Amayi, ine ndi tulo timeneti ndimasokoneza. Mundiwerengereko matewera onyowa kuyambira m'mawa uno mpaka mawa m'mawa. Akapanda kukwana 6, kapena mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, tinyamuka limodzi kupita kuchipatala." Sindinanene kuti akapanda kukwana timupatsa madzi, chifukwa khanda limene likuumadi limafunika kuonedwa ndi achipatala, osati kumwetsedwa madzi kunyumba. Anavomera, mwina poganiza kuti andigwira. Ankaika thewera lililonse lonyowa pambali, n'kumaliyang'ana mtundu wake asanalichape. Kutacha anapeza kuti apitirira chiwerengero chija. Sananene kuti ndinali kulondola. Anangoti, "Koma kukodza ndiye akukodza." Kwa ine zinali zokwanira.

Ndinawapatsanso udindo wa liwombo, poti ndi limene ankaliopa. Liwombo la mwana wabwinobwino limakhala lofewa, lolingana ndi mutu kapena lolowa pang'ono chabe, ndipo nthawi zina limaoneka likugunda. Amaliona bwino mwana ali chete, atamuimika. Likalowa kwambiri, pamodzi ndi pakamwa pouma, maso olowa ndi kukodza pang'ono, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Likatupa mwana asakulira ndi chizindikiro chinanso choopsa. Zonse ziwiri n'zothamangira nazo kuchipatala, osati zopaka kanthu pamutu. Apongozi ankalisisita m'mawa uliwonse pomusambitsa, ndipo ankandiuza okha kuti lili bwino.

Matewera anayankha za ludzu, koma kulira kwa madzulo kunalipobe, ndipo munthu sungauze agogo kuti angokhala n'kumamvera mdzukulu akulira. Tsiku la sikelo ndinawapempha kuti atiperekeze. Ndisanalowe ndinapeza mpata wouza namwino mwachidule kuti ndabwera ndi apongozi, nkhani yake ndi ya madzi, ndipo ndikupempha kuti asawadzudzule pagulu. Pempho limeneli n'lofunika. Agogo akachititsidwa manyazi pamaso pa atsikana a msinkhu wa ana awo sadzapondakonso kusikelo, ndipo chilichonse chochokera kumeneko adzachida.

Mwana anabadwa ndi makilogalamu 3.1. Tsiku limenelo sikelo inaonetsa 4.3. Namwino anatsegula buku la mwana, n'kuwaonetsa apongozi timadontho tikukwera motsata mzere, ndipo anafotokoza kuti m'miyezi yoyambirira mwana amayenera kuwonjezera theka la kilogalamu kapena kuposa pamwezi. Kenako anachita chinthu chanzeru: anawafunsa iwo kuti mwanayu amalira nthawi yanji, ndipo amatonthola akamuchita chiyani. Apongozi anafotokoza bwino kuposa mmene ine ndikanafotokozera. Namwino anati kulira kwa madzulo kotereku n'kofala, kumafika pachimake mwana ali ndi masabata 6 kapena chapompo, ndipo kumayamba kuchepa akamakwanitsa miyezi 3 kapena 4. Anandiuza kuti ndiyamwitse iye akuona. Anapeza kuti madzulo ndikatopa ndinkamusinthira bere lina msanga, loyamba lisanapepuke, ndiponso kuti nthawi zina mwana ankagwira nsonga yokha. Anandionetsa kuti kamwa lizikhala loyasama kwambiri, chibwano chikhudze bere, ndipo mbali yaikulu yakuda ya bere ilowe m'kamwa.

Zimenezi apongozi anazitenga ngati zawo. Madzulo ankakhala pambali panga n'kumati, "Usamuchotse, sanamalize." Akayamwa ankamutenga iwo, kumugeyetsa, n'kumayenda naye uku akumuimbira, ine n'kupeza mpata wodya ndi kusamba. Kulira sikunathe tsiku limenelo, kunatenga masabata ena. Koma munthu amene manja ake ali ndi ntchito saganizanso za supuni. Ndikuona kuti agogo ambiri amaumirira madzi chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene angapatse mwana woyamwa. Bere ndi la mayi. Mukawalanda madzi osawapatsa china chochita, mwawauza kuti pa mwanayo alibepo gawo.

Mkangano unabweranso mwana atakwanitsa miyezi 4, tsopano pa phala lamadzimadzi. Ulendo uno apongozi anali ndi mfundo yolimba. "Ife kusikelo komweko anatiuza miyezi 4. Lero mukuti 6. Ndiye achipatalawo ananama liti, kale kapena lero?" Anali kunena zoona. Kale malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ankati mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 4 mpaka 6, ndipo mu 2001 ndi pamene anasinthidwa kukhala miyezi 6, akatswiri ataunikanso kafukufuku amene anaonetsa kuti ana oyamwa bere lokha mpaka pamenepo sadwaladwala matenda a m'mimba ndipo amakula bwinobwino. Mwamuna wanga anabadwa chaka chimenecho chisanafike. Ndinawauza kuti iwo sanalakwe, anatsata zimene anauzidwa pa nthawi yawo, ndipo ine ndikuchita chimodzimodzi pa nthawi yanga. Ndinawonjezera kuti mwina mdzukulu wawoyu akadzabereka adzandiuza zina, ine n'kumadzakangana naye. Anaseka. Zina mwa zimene timazitcha zamakolo zimakhala malangizo a chipatala a zaka zapitazo, ndipo kungovomereza zimenezi kumatsitsa mtima wa munthu wamkulu.

Ndiyenera kunenapo za mwamuna wanga, chifukwa poyamba ankafuna kukhala kunja kwa nkhaniyi. Ankati ndi za azimayi. Ndinamuuza kuti mawu amene ine ndinganene n'kuoneka wamwano, iye akhoza kuwanena kwa mayi ake n'kungoseka nawo. Tinagwirizana kuti pa nkhani ya zolowa m'kamwa mwa mwana azilankhula ndi iye, ndipo azinena kuti "tagwirizana," osati "mayi a mwanayu akukana." Kusiyana kwa mawu awiriwa n'kwakukulu. Achiwiriwo amakusiyani nokha ngati mlendo wovuta amene wabwera kudzasokoneza banja la eni ake. Akanakhala mayi anga ondibereka, ntchito imeneyo ikanakhala yanga.

Malire amene tinaika anali amodzi, osavuta kukumbukira: chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwana chikhale mkaka wa m'mawere, kapena mankhwala amene achipatala alemba, monga madontho, mankhwala amadzi kapena ORS akatsegula m'mimba. Madzi, tiyi, phala, uchi ndi mankhwala azitsamba ayi. Uchi ndiye suloledwa mpaka mwana atakwanitsa chaka, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa ofooketsa minofu ya khanda. Kunja kwa malire amenewa ndinawasiyira zambiri. Ankasankha nthawi yosambitsa, zovala za tsikulo, nyimbo, kanyamulidwe. Chipewa ankamuveka ngakhale pamene ine ndinkaona kuti sichikufunika, ndipo ndinkangochivula mwakachetechete ndikaona thukuta pakhosi. Mukamakana chilichonse, kukana kwanu pa chinthu choopsa sikumvekanso, kumangokhala ngati khalidwe lanu.

Nthawi yovuta kwambiri ndi imene mayi wachokapo. Agogo atsala ndi mwana wolira, bere palibe, ndiye mukuyembekezera kuti atani? Ndisanayambe kuchoka pakhomo kwa maola angapo ndinaphunzira kufinya mkaka m'kapu yotsuka bwino yokhala ndi chivundikiro, ndipo ndinkauika pamalo pozizirirapo m'nyumba. Ndinkawauza kuti ukapitirira maola 4 uli panja pa firiji asamupatsenso. Tinayeserera limodzi kumwetsa ndi kapu ine ndilipo: mwana akhale chotsamira pamkono, ali maso, kapu ikhudze mlomo wam'munsi, mkaka ungofika m'mphepete kuti azimwa yekha, osamuthira m'kamwa. Poyamba wambiri unkatayikira pachifuwa. Apongozi anadzakhala katswiri kuposa ine, ndipo ankanyadira poonetsa anzawo.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti agogo akati mwana sakukhuta ndiye kuti nthawi zonse akulakwitsa. Iwo aona ana ambiri, ndipo nthawi zina amaona vuto mayi asanalione. Ngati matewera onyowa sakukwana, ngati mwana sanabwerere pa kulemera kumene anabadwa nako pakatha masabata awiri, ngati timadontho ta m'buku taima kapena tikutsika, agogo akunena zoona kuti pali vuto. Chimene chimalakwika ndi mankhwala ake. Mwana wotere amafunika kuyamwa pafupipafupi, ka 8 mpaka ka 12 pa usana ndi usiku, kuonedwa kagwiridwe ka bere, ndiponso kupimidwa ngati akudwala. Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira zokambirana za pabanja: kukana kuyamwa, kutentha kapena kuzizira thupi, kukomoka, kupuma mofulumira kapena movutika, kufooka mosadzutsika, kusanza chilichonse. Ndinapempha mwamuna wanga kuti awauze mayi ake zimenezi momveka, kuti chimodzi mwa izi chikaoneka ine kulibe asadikire ine kapena iye, anyamule mwana apite.

Mnzanga wina zake sizinayende ngati zanga. Apongozi ake anavomera pakamwa, koma iye ankapeza supuni yonyowa akabwerako. Anasiya kuwasiyira mwana mpaka atakwanitsa miyezi 6, ndipo sanachite mwaphokoso, ankangonyamuka naye kulikonse. Panali kuzizirirana kwa kanthawi m'banjamo. Ndikuona kuti anachita bwino, makamaka poti iye amamwa ma ARV, ndipo kwa mayi wotere kusakaniza bere ndi zinthu zina m'miyezi yoyambirira kumawonjezera mpata woti mwana atenge kachilombo. Sikuti ankayenera kuulula za umoyo wake kwa apongozi kuti kukana kwake kumveke.

Mukapeza kuti mwana wapatsidwa kale kanthu, choyamba si kukalipa. Mukakalipa lero, mawa sadzakuuzani. Funsani modekha kuti anamupatsa chiyani, chochuluka bwanji, nthawi yanji. Ngati ndi masupuni ochepa a madzi oyera ndipo mwana akuyamwa, akusewera, akukodza bwino, pitirizani kuyamwitsa n'kumamuyang'anira ngati angatsegule m'mimba m'masiku otsatira. Sikuti kuyamwitsa mwakathithi kwathera pomwepo, mumangobwerera ku bere lokha. Ngati ndi madzi ambiri, mankhwala azitsamba kapena mankhwala a munthu wamkulu, kapena mwana akuoneka waulesi, akusanza, mimba yatupa, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Tengani chotsala cha zimene wamwazo, ndipo kauzeni achipatala zonse mmene zilili, ngakhale mukuopa kuti akukalipirani kapena kuti mukuneneza apongozi. Ngati n'kotheka pitani ndi munthu amene anamwetsayo, chifukwa ndi iye akudziwa muyeso ndi nthawi yake.